Zaka za mpira ndi zaka zobadwa: mmene timafufuzira osewera asanalowe m'bwalo

Mkangano wa zaka pa mpikisano wa achinyamata umakonda kubuka tsiku la fainolo, timu ina itagonja, ochemerera n'kuyamba kuloza mnyamata wamtali wotchinga kumbuyo kuti ameneyo ndi madala. Pofika pamenepo madzi amakhala atafika kale m'khosi, ndipo palibe chigamulo chimene chingakhutiritse mbali zonse ziwiri. Ntchito yeniyeni yoletsa osewera opitirira zaka imagwiridwa milungu ingapo mpira woyamba usanamenyedwe, pa tebulo lolembera mayina. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndaphunzira pa tebulo limenelo, ndipo ndikulembera inu aphunzitsi a zamasewero, makochi, a komiti ndi makolo amene mumayendetsa mipikisano ya ana osapitirira zaka 17.

Choyamba ndi tsiku la malire. Ambiri amaganiza kuti lamulo limafunsa kuti mwana ali ndi zaka zingati lero. Ayi, limafunsa kuti anabadwa liti. Mipikisano ya FIFA ndi CAF imawerengera kuyambira pa 1 Januwale. Pa mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 17 wa 2009 ankaloledwa obadwa pa 1 Januwale 1992 kapena pambuyo pake; wa 2019 malire anali 1 Januwale 2002; wa 2025 anali 1 Januwale 2008. Chaka cha mpikisano mumachotserapo 17, basi. Zikutanthauza kuti mnyamata wobadwa pa 3 Januwale 2008 anali woyenera kusewera chaka chonse cha 2025 ngakhale anali atakwanitsa kale zaka 17, pomwe mnzake wobadwa pa 30 Disembala 2007, amene akusiyana naye masiku anayi okha, sanali woyenera.

Pali chinanso chimene chimasokoneza. Kawirikawiri masewero opezera malo amaseweredwa chaka chimodzi mpikisano waukulu usanafike, koma malire amatengedwa ku chaka cha mpikisano waukuluwo. N'chifukwa chake pa masewero opezera malo anyamata oyenera amakhala a zaka 16 kutsika m'munsi. Pa mpikisano wa kwanu, kaya ndi wa zoni, wa boma kapena bonanza, musangolemba kuti "osapitirira zaka 17". Lembani tsiku lenileni m'malamulo, mwachitsanzo "obadwa pa 1 Januwale 2009 kapena pambuyo pake", ndipo timu iliyonse isaine kuti yalandira malamulowo. Ngati mpikisano ukutsata chaka cha sukulu, chimene chimayamba chaka china n'kuthera chaka china, nenani poyera kuti malire akutengedwa ku chaka chiti. Ikaninso malire a m'munsi, kuti mwana wa zaka 12 asakaponyedwe pakati pa anyamata a zaka 17.

Tsopano mapepala. Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene komiti zambiri zimagwera m'mbuna. Komiti imaitanitsa chiphaso chobadwira kapena chiphaso cha unzika, ikaona chidindo cha boma n'kunena kuti zatheka. Chiphasocho chikhoza kukhala chenicheni, chochokeradi ku ofesi yoyenera, koma tsiku lolembedwapo n'kukhala labodza. Kuno ku Malawi lamulo la kalembera wa nzika linakhazikitsidwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo kalembera wamkulu wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017. Anyamata ambiri amene akusewera mipikisano ya osapitirira zaka 17 masiku ano anabadwa kulembetsa ana kusanafalikire, choncho ziphaso zawo zobadwira zinatengedwa mochedwa, atakula kale. Polembetsa mochedwa, ofesi imadalira zimene makolo ndi mboni anena. Chiphaso cha unzika nachonso munthu amachitenga akafika zaka 16, monga mmene zilili ndi NRC ku Zambia, ndiye kuti chimatengedwa pa msinkhu womwe mnyamata ndi kochi wake amadziwa kale phindu lochepetsa zaka.

Lamulo limene limandithandiza ndi ili: pepala lodalirika kwambiri ndi limene linalembedwa kale kwambiri, pa nthawi imene panalibe amene ankaganiza za mpira. Choncho pa chiphaso chilichonse muziyang'ana masiku awiri, tsiku lobadwa ndi tsiku limene chiphasocho chinaperekedwa. Chiphaso chobadwira chimene chinaperekedwa mwana ali ndi miyezi iwiri n'cholimba. Chimene chinaperekedwa mwezi watha, mpikisano utalengezedwa kale, sichikutsimikiza bodza, koma sichingaime pachokha. Chikufuna mboni zakale.

Mboni yoyamba ndi buku la kusikelo. Mayi akamapita ndi khanda ku sikelo saganiza za ligi. M'bukumo muli tsiku lobadwa, komanso muli masiku a katemera olembedwa ndi anthu osiyanasiyana, ndi zolembera zosiyanasiyana, pa miyezi yosiyanasiyana. Katemera wa BCG amaperekedwa mwana akangobadwa kapena pasanapite nthawi yaitali. Akatemera ena amatsatira pa milungu 6, 10 ndi 14. Wa chikuku amabwera pa miyezi 9. Wofuna kubera amasintha tsiku lobadwa pachikuto, koma n'kovuta kusintha mzere wonsewo pamodzi ndi madontho a kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi. Tsegulani mkati. Ngati buku likuoneka latsopano, masamba ali oyera, ndipo masiku onse a katemera analembedwa ndi dzanja limodzi ndi inki imodzi, bukulo linadzazidwa tsiku limodzi. Nthawi zina pamakhala chifukwa chomveka, monga kuti loyamba linapsa kapena linanyowa ndi madzi osefukira ndipo achipatala anakopera m'latsopano. Zikatero musakane mwanayo, koma bukulo musaliwerengerenso ngati mboni yakale.

Mboni yachiwiri ndi kaundula wa sukulu ya pulayimale kumene mwana anayambira Sitandade 1. Sindikunena kalata imene ahedi alemba sabata ino yotsimikiza zaka za mwanayo. Kalata yotere imalembedwa mwa chifundo, nthawi zinanso mwa kufuna kuti sukulu ipambane. Ndikunena buku lenileni lolembamo ana olowa sukulu, mmene mayina amatsatana ndi manambala. Dzina lolowetsedwa pambuyo pake limaoneka: lili pansi penipeni pa tsamba, kapena lapanikizidwa pakati pa mizere iwiri, kapena nambala yake yabwerezedwa. Chimene chimathandiza kwambiri m'bukuli si tsiku lobadwa lokha, chifukwa makolo ena amawonjezera kapena kuchepetsa chaka kuti mwana alandiridwe, koma chaka chimene mwanayo anayamba sukulu. Pamwamba pa izi pali zolemba za MANEB: chaka chimene analemba mayeso a Sitandade 8 sichisinthika. Ndipo kwa ana a m'mipingo imene imabatiza makanda, khadi la ubatizo lili ndi tsiku ndi nambala zimene zingayerekezedwe ndi kaundula wa ku parishi kapena ku mpingo.

Tiyeni titsate mlandu umodzi wa mtundu umene umabwera kawirikawiri. Mpikisano ndi wa mu 2025, malire ndi 1 Januwale 2008. Mnyamata wabwera ndi chiphaso cha unzika chonena kuti anabadwa mu Malichi 2009, choperekedwa mu Epulo 2025. Pa chiphaso zonse zili bwino: ali ndi zaka 16. Pa fomu yolembetsera pali funso lakuti analemba liti mayeso a Sitandade 8, ndipo wayankha kuti 2019. Werengerani chobwerera. Wolemba mayesowo mu 2019, ngati sanabwerezepo kalasi, anayamba Sitandade 1 mu Seputembala 2011. Malinga ndi chiphaso chake, nthawi imeneyo anali ndi zaka ziwiri ndi theka, pomwe msinkhu woyambira sukulu ndi zaka 6. Akanakhala kuti anabwerezapo kalasi, nkhani ikanaipiraipira, chifukwa ndiye kuti anayamba sukulu kale kuposa pamenepo. Mwana wanzeru akhoza kuyamba ali ndi zaka zisanu, kapena kudumphitsidwa kalasi imodzi, ndipo kusiyana kwa chaka chimodzi sikuyenera kukudzidzimutsani. Koma kusiyana kwa zaka zitatu kapena zinayi sikungafotokozedwe ndi nzeru.

Apa musagamule kaye. Itanani kholo kapena womulera, osati kochi, ndipo mupemphe buku la kusikelo. Pachikuto palembedwa 2009, koma nambala yomaliza ija yakandidwa ndipo pepala lapyapyala pamalopo. Mukalikweza ku dzuwa kuwala kukudutsa. Mkati BCG analembedwa mu Epulo 2005, chikuku mu Januwale 2006. Tsopano mboni zitatu zagwirizana: anabadwa mu Malichi 2005, anayamba sukulu ali ndi zaka 6 ndi theka, analemba mayeso a Sitandade 8 ali ndi zaka 14, ndipo lero ali ndi zaka 20. Onani kuti mwezi wobadwa sunasinthidwe. Ochepetsa zaka amakonda kusintha chaka chokha, kuti mnyamata asaiwale tsiku lake akafunsidwa mwadzidzidzi. Komiti ilembe zimene yaona pa pepala lililonse, ijambule masambawo pa foni, awiri mwa mamembala asaine, ndipo timu iuzidwe m'kalata mpikisano usanayambe, kuti ithe kulowetsa wina m'malo mwake.

Mlandu wotembenuka nawo ulipo, ndipo umandiwawa kwambiri. Mnyamata wa thupi lalikulu, mawu anasintha kalekale, ndevu zayamba, aliyense akuti ndi bambo. Buku la kusikelo, kaundula wa sukulu ndi khadi la ubatizo zonse zikuti 2008. Ameneyo asewere. Anyamata amatha msinkhu pa nthawi zosiyana kwambiri, ndipo awiri obadwa mwezi umodzi akhoza kusiyana ndi mutu wathunthu pa zaka 15. Kuyang'ana ndevu, minofu ya miyendo, mano kapena kuyeza kutalika pa khoma si umboni wa zaka. Njira zimenezi zimachotsa ana oona amene anakula msanga, n'kusiya wa zaka 20 wa thupi laling'ono, amene ndi yemwe makochi obera amamufuna. Ndipo kuvula mwana kuti aone ngati wakhwima ndi nkhanza. Komiti iliyonse ilembe m'malamulo kuti zimenezo n'zoletsedwa.

Njira ina yobera sikhudza mapepala n'komwe. Mapepala onse ndi oona, koma ndi a mng'ono wake, kapena a msuweni, kapena a mwana wina wa sukulu yomweyo amene samenya mpira. Ndi mmene osewera aganyu amalowera m'timu za sukulu. Kufufuza masiku sikungagwire zimenezi. Chimene chimagwira ndi kumanga dzina ku nkhope. Chithunzi cha pa khadi la wosewera chijambulidwe ndi a komiti eniake tsiku lolembetsa, mwanayo ataima pamaso pawo atanyamula pepala la dzina lake, osati chithunzi chobweretsedwa ndi kochi mu envelopu. Chidindo chigwire chithunzi ndi khadi pamodzi, kenako khadi limatidwe m'pulasitiki. Makhadi azisungidwa ndi komiti, kapena pakhale kope ya makhadi onse m'faelo ya komiti. Polembetsa mufunseni mwanayo yekha, mofatsa, dzina la mphunzitsi wake wa Sitandade 5, mayina a abale ake motsatana, mudzi wa amayi ake. Wobwereka dzina amaloweza tsiku lobadwa, koma amakakamira pa mafunso oterewa.

Tsiku la masewero, patatsala mphindi 30 kapena kuposerapo, timu zonse ziwiri zifole zitavala yunifolomu. Woimira komiti aziitana dzina kuchokera pa fomu ya masewero, wosewera atuluke, nkhope iyerekezedwe ndi khadi, nambala ya jezi iyerekezedwe ndi ya pa fomu, kaputeni wa timu inayo akuona. Amene amaiwalika ndi a pa benchi. Chinyengo chofala ndi chakuti amafola mwana weniweni, koma pa nthawi yopuma jezi yake amavala wina. Choncho wolowa m'malo aliyense aonetsedwenso khadi pa mzere asanalowe, ndipo chigawo chachiwiri chisanayambe woimira komiti awerengenso nkhope.

Malamulo a madandaulo alembedwe momveka, apo ayi komiti idzazunguzika. Nenani kuti dandaulo liperekedwa m'kalata, kwa ndani, pasanathe maola angati masewero atatha, ndi ndalama zingati zimene zibwezedwe ngati dandaulo lapezeka loona. Nenani kuti wodandaula atchule dzina la wosewera ndi chifukwa chake, osati kungoti timu yonse ndi ya madala. Njira yabwino koposa ndi kupachika mndandanda wa osewera onse, mayina ndi zaka zobadwa, sabata imodzi mpikisano usanayambe, kuti odziwa kanthu alankhule nthawi idakalipo. Kumudzi anthu amadziwana, amadziwa amene anavinidwa limodzi ndi amene anali kalasi imodzi. Chilango chozolowereka pa mpira ndi chakuti timu imene yaseweretsa wosayenera imaluza masewerowo ndi zigoli 3 kwa 0. Koma chilango chachikulu chipite kwa wamkulu amene anasaina fomu. Mwana wa zaka 18 sapita yekha kukakonza mapepala, amatumidwa. Mukaletsa mwana yekha kochi n'kutsala, chaka chamawa kochiyo abwera ndi wina.

Pa mipikisano ya mayiko pamawonjezeredwa sikani ya MRI. Ambiri amailankhula ngati makina owerenga zaka, choncho ndi bwino kudziwa chimene imaona. Mafupa aatali a mwana amakulira chakumapeto, pamene pamakhala kamzere ka fupa lanthete kamene sikanalimbe. Mwana akamakula kamzereko kamachepa mpaka kutsekeka, ndipo fupa limasiya kutalika. Sikani imajambula dzanja lamanzere, pamene timavala wotchi, n'kuyang'ana kamzereko kumapeto kwa fupa la mbali ya chala chachikulu. Mnyamata amavula zachitsulo zonse, amagona, dzanja limaikidwa m'kachipangizo kolandira chithunzi, ndipo sayenera kugwedezeka kwa mphindi zingapo makinawo akulira. Akagwedezeka chithunzi chimasokonekera ndipo amabwereza. Dokotala wowerenga zithunzi amapereka giredi kuyambira 1 mpaka 6. Giredi 1 ndiye kuti kamzere n'kotseguka konse. 2 kayamba kumene kutsekeka. 3 katsekeka kosafika theka. 4 kapitirira theka. 5 kangotsala kachidutswa kosakwana mamilimita 5. 6 katsekeka konse. Wa giredi 6 ndiye amene saloledwa. MRI inasankhidwa chifukwa ilibe cheza cha mtundu wa ekiselo, chimene si choyenera kuwombera mwana wosadwala pa chifukwa cha mpira chabe.

Magiredi amenewa anachokera pa kafukufuku wa madokotala a FIFA, wotsogozedwa ndi Jiri Dvorak, amene anasindikizidwa mu 2007. Anajambula anyamata 496 a zaka 14 mpaka 19, a masiku obadwa odziwika bwino, ku Switzerland, Malaysia, Algeria ndi Argentina. Mwa anyamata a zaka 16, mmodzi yekha ndi amene anapezeka ndi giredi 6, kutanthauza osakwana mmodzi pa 100 alionse. Apa ndi pamene pamachokera mawu akuti wa giredi 6 ali pafupifupi wotsimikizika kuti wakwanitsa zaka 17. FIFA inayamba kugwiritsa ntchito sikaniyi pa mpikisano wa dziko lonse wa 2009 ku Nigeria, womwenso Malawi inasewera nawo. Mwayi umenewo unabwera pambuyo poti Niger yachotsedwa pa mpikisano wa Africa wa chaka chomwecho ku Algeria chifukwa choseweretsa wopitirira zaka.

Koma malire a sikani ndi aakulu, ndipo wosawadziwa amaweruza ana molakwika. Sikani siinena kuti mnyamata ali ndi zaka 19 kapena 23. Imangoti fupa latsekeka kapena ayi. Pa kafukufuku yemwe uja, ambiri mwa a zaka 18, ngakhalenso ena a zaka 19, fupa lawo linali lisanatsekeke. Ndiye kuti kukhoza MRI sikutsimikiza kuti mnyamata ndi wa zaka zoyenera; wochepetsa chaka chimodzi kapena ziwiri akhoza kudutsa bwinobwino. Mbali inayo, ena mwa a zaka 17 anali atafika kale giredi 6, pomwe taona kuti lamulo la 1 Januwale limalola mnyamata wa zaka 17 ndi miyezi ingapo kusewera. Choncho mwana woona, wobadwa koyambirira kwa chaka ndipo wokhwima msanga, akhoza kukanidwa popanda bodza lililonse. Kumbukiraninso kuti mwa mayiko anayi aja, la mu Africa linali Algeria lokha, pomwe kakulidwe ka mafupa kamakhudzidwa ndi chibadwa, zakudya ndi matenda a ubwana. Pa mipikisano ya osapitirira zaka 15 kapena 20 njira ya giredi 6 imeneyi siithandiza: pa zaka 15 wobera wa zaka 17 amadutsa, pa zaka 20 ambiri oyenera amakhala atatsekeka kale. Kwa atsikana nayonso siigwira, chifukwa mafupa awo amatsekeka msanga kuposa a anyamata, ndipo mtsikana woona wa zaka 16 akhoza kupezeka ndi giredi 6.

Zimene zinachitika m'chigawo chathu chino zimaonetsa kulemera kwa lamuloli. Mu Novembala 2020, pa mpikisano wa COSAFA wa anyamata osapitirira zaka 17 ku Nelson Mandela Bay ku South Africa, timu zinayi, Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe, zinachotsedwa zotsatira za MRI zitatuluka. Lamulo la nthawi imeneyo linali lakuti wosewera mmodzi yekha akalephera, timu yonse ichoke. Mpikisano unayambikanso ndi timu zinayi zotsala: Angola, Malawi, South Africa ndi Zambia. Anyamata ambiri osalakwa anabwerera kwawo chifukwa cha mnzawo mmodzi kapena awiri. Chiwerengero cha olephera chimene chimachotsetsa timu chakhala chikusinthidwa, choncho oyendetsa timu ya dziko aziwerenga malamulo a chaka chimenecho, osadalira zimene akukumbukira. Mu 2023 South Sudan inachotsedwa pa mpikisano wa Africa ku Algeria anyamata asanu atalephera. Cameroon inasankha kudziyeza yokha mpikisano wa chigawo chake usanayambe, kumapeto kwa 2022, bungwe lake la mpira likutsogoleredwa ndi Samuel Eto'o: mwa anyamata 30 oitanidwa ku kampu, 21 analephera, ndipo mwa obwera kudzalowa m'malo mwawo enanso 11 analephera. Zinali zochititsa manyazi, koma timuyo inapita ku mpikisano ili yoyera.

Kwa amene mukukonzekera kutumiza timu kunja, kudziyeza nokha kuli ndi misampha yake. Musajambule miyezi yambiri mpikisano usanafike, chifukwa fupa silidikira: mnyamata wa giredi 5 lero akhoza kukhala wa giredi 6 pakatha miyezi ingapo, n'chifukwa chake ena amakhoza pa masewero opezera malo n'kukalephera pa mpikisano waukulu. Wa giredi 5 aliyense muzimuwerengera ngati wokayikitsa ndipo ajambulidwenso ulendo utayandikira. Pakhomo pa chipinda cha makina pakhale munthu woyerekeza nkhope ndi pasipoti, apo ayi dzanja lojambulidwa likhoza kukhala la mwana wina. Zithunzi ziwerengedwe ndi madokotala oposa mmodzi, aliyense payekha, chifukwa kusiyanitsa giredi 5 ndi 6 n'kumene amasemphana kawirikawiri. Funsani ngati mnyamata anathyokapo dzanja limenelo, popeza kuvulala pa kamzere kaja kukhoza kukatseka msanga. Ndipo makolo asaine chilolezo atafotokozeredwa m'chilankhulo chawo chimene chikuyezedwa ndi chimene chingatsatire.

Nkhani ya Guinea ya 2019 imatibwezera ku mapepala. Timuyo inafika fainolo ya mpikisano wa Africa ku Tanzania n'kupeza malo ku mpikisano wa dziko lonse ku Brazil, anyamata amene anasewera atadutsa pa zoyeza za mpikisanowo. Chimene chinawagwira si makina. Senegal inadandaula, ndipo zinapezeka kuti osewera awiri anapitapo ku mpikisano wina ku Japan ndi mapasipoti a masiku obadwa osiyana ndi amene anaonetsa ku Tanzania. Guinea inachotsedwa, malo ake anatenga Senegal. Kale kwambiri, mu 1988, Mexico inaletsedwa mipikisano ya mayiko kwa zaka ziwiri mpaka kuphonya mpikisano wa dziko lonse wa 1990, atolankhani atayerekeza zaka za anyamata a timu ya osapitirira zaka 20 ndi zimene zinalembedwa m'buku la pachaka la bungwe lawo lomwe. Pa milandu yonse iwiri chogwira wobera chinali tsiku limene iye mwini kapena akuluakulu ake analemba kale kwina.

Komiti ya pa boma kapena pa zoni ilibe ndalama za MRI, ndipo makinawo m'dziko muno ndi owerengeka, ofunika kwa odwala. Koma ili ndi mphamvu yosunga zolemba zake. Musataye mafomu mpikisano ukatha. Mwana amene analembetsa mpikisano wa osapitirira zaka 13 mu 2020 n'kunena kuti anabadwa mu 2008, sangabwere mu 2026 ndi chiphaso cha 2010 ngati fomu yake yakale, ya chithunzi chake ali wamng'ono, ili m'faelo. Imeneyi ndiyonso nzeru ya kaundula wa pa kompyuta wa FIFA Connect, amene FAM imamutcha Mpira Connect: wosewera amalandira nambala imodzi ya moyo wake wonse, ndipo tsiku lobadwa lolowetsedwa poyamba ndi limene limamutsatira. Kaundulayo amalimba pokhapokha mwana akalowetsedwa adakali wamng'ono, wa zaka 10 kapena 12, pamene kuchepetsa zaka zinayi kumaonekera ndi maso ndipo palibe sikauti amene wayamba kumuzungulira. Akalowetsedwa koyamba ali ndi zaka 16 za pa pepala, kompyuta imangosunga bodza lomwelo mwaukhondo. Polowetsa, samalani ndi kalembedwe ka dzina: mwana mmodzi akhoza kukhala ndi mbiri ziwiri, ina pa dzina la bambo ake, ina pa mfunda kapena dzina la agogo, choncho muzifufuza ndi dzina loyamba, mwezi wobadwa, sukulu ndi dzina la mayi musanatsegule mbiri yatsopano.

Mnyamata akapezeka wosayenera, muuzeni m'chipinda, pali kholo lake ndi mmodzi wa komiti, osati pa mzere anzake akuonerera, ndipo dzina lake lisaponyedwe pa magulu a WhatsApp. Ngati chamuchotsa ndi MRI yokha pomwe mapepala ake akale akugwirizana, kalata inene kuti sanakwaniritse lamulo la mpikisano umenewo, osati kuti wanama, ndipo tsiku lake lobadwa m'kaundula lisasinthidwe. Ngati mapepala atsimikiza kuti anachepetsa zaka, mutsogolereni kukakonzetsa chiphaso chake ku ofesi ya kalembera ndi buku la kusikelo lija m'manja, mumulembetse pa tsiku lake loona, ndipo mumupezere malo m'timu ya osapitirira zaka 20 kapena ya ligi ya akuluakulu ya m'boma mwanu.